Mankhwala amene anachiza mawondo a amayi m'masiku atatu

Ndikulemba nkhaniyi ndi manyazi pang'ono chifukwa amene ndinagula mankhwala amene anatsala pang'ono kupha amayi anga ndine. Ndine mphunzitsi, ndimakhala mumzinda wa Lilongwe, ndipo kwathu kumudzi ku Ntcheu anthu amanditenga ngati wodziwa zinthu. Komabe kwa miyezi isanu ndinkatumiza K15,000 mwezi uliwonse kwa munthu amene nkhope yake sindinaionepo, n'kumadzitama kuti ndikusamalira kholo.

Amayi ali ndi zaka 68 ndipo mawondo akhala akuwavuta kwa zaka zambiri. Kuchipatala anawauza kuti ndi nyamakazi yobwera ndi ukalamba. Kamnofu koterera kamene kamakuta nsonga za mafupa m'bondo kanaperepeseka, ndiye mafupa amakhulana akamayenda. Anawapatsa panado ndi mankhwala opaka, n'kuwauza mosabisa kuti kamnofuko sikameranso, chimene angachite n'kuchepetsa ululu basi. Amayi sanakondwere nawo mawu amenewo. Ankati achipatala awataya.

Mwezi wa Epulo chaka chatha, pagulu lina la WhatsApp panabwera chithunzi cha botolo lobiriwira. Pansi pake panalembedwa kuti ndi mankhwala achilengedwe ochokera kunja, opangidwa ndi zitsamba zokhazokha, opanda vuto lililonse m'thupi. Panali mndandanda wa matenda amene amachiza: nyamakazi, msana, shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu, zilonda za m'mimba, khansa, kusabereka, ng'ala, komanso akuti amachotseratu kachilombo ka HIV m'magazi. Panalinso mawu ojambulidwa a mayi wina amene ankalira ndi chimwemwe kuti wataya ndodo yoyendera. Ndinatumiza ndalama pafoni, ndipo botolo ndinakalilandira kudepoti kwa mnyamata wa kabaza. Munali makapisozi 60, kumwa awiri patsiku, okwana mwezi umodzi.

Patangotha masiku atatu amayi anaimba foni. Anati, "Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Lero ndapita kudimba ndekha, ndabwerako osapumira panjira." Mlongo wanga amene amakhala nawo anati amayi akudya nsima mitanda itatu pomwe kale umodzi unkawakanika, akudzuka m'bandakucha kusesa pabwalo, ndipo akucheza ngati mtsikana. Nkhani inamveka m'mudzi monse. Amayi awiri a kutchalitchi kwawo anandipempha nambala ya wogulitsayo, ndipo ndinawapatsa.

Nditapita kumudzi mu Juni ndinapeza nkhope ya amayi itadzaza, masaya ali tantha, yozungulira ngati mwezi. Aliyense ankati, "Amayi anuwa mukuwasunga bwino, taonani anenepa." Kwathu kuno kunenepa timakuyesa umoyo, choncho inenso ndinasangalala. Ndinaona kuti manja ndi miyendo yawo sizinanenepe nawo, zinkaoneka zowonda kuposa kale, ndiponso kuti kumbuyo kwa khosi kunali kotukuka, koma sindinaziganizire. Ndinaonanso kuti akafuna kunyamuka pamkeka ankayamba agwira khoma. Ndinawafunsa ngati mawondo ayambiranso. Anati ayi, ululu palibe, kungoti ntchafu zilibe mphamvu.

Mu Julaye malipiro anachedwa, botolo linatha, ndipo amayi anakhala masiku anayi osamwa. Tsiku lachiwiri anafooka kwambiri. Lachitatu anayamba kusanza, chizungulire chikuwagwira akangoimirira, thupi lonse likuphwanya. Mlongo wanga anaimba akulira. Ndinakongola ndalama kwa mnzanga, ndinatumiza botolo pa minibasi, ndipo atamwa, tsiku lotsatira anadzuka ali bwinobwino. Tonse tinati umenewu ndiye umboni wakuti mankhwalawa ndi amphamvu. Ndinauza wogulitsa uja zimene zinachitika, iye n'kundiyankha kuti poizoni wa matenda anali atayamba kubwerera, ndipo amayi asadzadumphitsenso.

Pofika Seputembala amayi ankamwa madzi ngati ali ndi chipululu pakhosi, ndipo usiku ankadzuka kasanu kukataya madzi. M'kamwa munatuluka zoyera ngati za mwana wakhanda. Kabala kamene anadzitema ndi khasu pachala kanatha milungu itatu kakutuluka mafinya. Apa ndi pamene tinawatengera kuchipatala cha boma. Atawabaya pachala, makina anaonetsa shuga 318. Anatiuza kuti munthu akapezeka ndi 200 kapena kuposerapo nthawi iliyonse ya tsiku, ali ndi ludzu ndi kukodzakodza, amenewo ndi matenda a shuga. M'mawa mwake asanadye kanthu anapeza 190, pomwe malire ake ndi 126. Kuthamanga kwa magazi kunali 168 pa 100. M'buku lawo la kuchipatala, miyezo ya chaka cham'mbuyo inali yabwinobwino.

Dokotala amene anatilandira anayang'ana nkhope ya amayi, anagwira kumbuyo kwa khosi, anaona mabala akuda pamikono pamene sanamenyedwe ndi kanthu. Kenako anafunsa modekha, "Agogo, kupatula mankhwala a kuno, pali china chimene mukumwa tsiku ndi tsiku?" Amayi anandiyang'ana. Ndinatulutsa botolo m'chikwama. Dokotalayo anatsegula kapisozi mmodzi, n'kukhuthulira ufa wake papepala loyera. Unali ufa wobiriwira wonunkha masamba, koma mkati mwake munali timiyala ting'onoting'ono toyera, tina tosalala mbali imodzi ngati chidutswa cha piritsi losinjidwa. Anati popanda kupima kumalo opimira mankhwala sangalumbire dzina lake, koma thupi la amayi likuonetsa zizindikiro zonse za munthu amene wamwa mankhwala a gulu la masiteroidi kwa nthawi yaitali, monga deksametazoni kapena puredinisoloni.

Zimene ndinaphunzira tsiku limenelo ndi masiku otsatira ndizo ndikufuna kugawana ndi awerengi anzanga.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kamene kamapanga madzi otchedwa kotisolo. Madzi amenewa amathandiza thupi kusunga shuga ndi kuthamanga kwa magazi pamlingo woyenera, makamaka munthu akadwala kapena akavulala, ndipo amaziziritsa kutupa. Masiteroidi ndi mankhwala opangidwa motsanzira kotisolo, koma amphamvu kuposa iyeyo. Ndi mankhwala enieni ndipo amapulumutsa miyoyo. Madokotala amawapereka kwa wodwala mphumu amene wabanika, kapena pa matenda ena otupitsa, pamlingo wodziwika ndiponso kwa masiku owerengeka. Ndi otsika mtengo kwambiri. Munthu wa mawondo akamwa, ululu umazilala m'masiku ochepa, chilakolako cha chakudya chimabwera, mtima umakhala m'malo ndipo amamva mphamvu. Wamphumu amapuma bwino, wa zidzolo khungu limasalala. N'chifukwa chake anthu achinyengo amawakonda. Amasinja mapiritsi otchipa, kusakaniza ndi ufa wa masamba, kuthira m'makapisozi, ndipo wogula aliyense amasanduka mboni yawo.

Koma akamwedwa kwa miyezi amasintha thupi. Mafuta amasamukira kunkhope, kumbuyo kwa khosi ndi pamimba, pomwe minofu ya m'ntchafu ndi m'mikono ikutha. Kunenepa kumene tinkayamikira kuja kunali kumeneku. Shuga amakwera, magazi amathamanga, khungu limapyapyala n'kumachita mabala lokha, mafupa amafewa, ndipo chitetezo cha m'thupi chimatsika kotero kuti zilonda sizipola msanga ndipo matenda ngati chifuwa chachikulu amapeza polowera. Choopsa kwambiri n'chakuti tiziwalo ta pamwamba pa impso tija, tikaona kuti ntchito yawo ikugwiridwa ndi mankhwala, timagona. Munthu akamwa masiteroidi tsiku ndi tsiku kupitirira milungu itatu kenako n'kusiya mwadzidzidzi, thupi limatsala lopanda kotisolo. Amafooka, amasanza, magazi amatsika mphamvu, ndipo akhoza kukomoka mpaka kufa. Zimene zinachitikira amayi mu Julaye zinali zimenezi. Ife tinaziyesa umboni wa mphamvu ya mankhwala, chonsecho amayi anali pakamwa pa manda.

Ine nditamva zonsezi ndinafuna kuliponya botololo m'chimbudzi nthawi yomweyo kuti nkhani ithe. Dokotala anandiletsa kuganiza kuti kungosiya ndiye kuchira. Anachotsadi makapisoziwo, koma m'malo mwake anawalembera amayi puredinisoloni wa mlingo wodziwika, kuti aziuchepetsa pang'onopang'ono mpaka tiziwalo tija tidzuke. Zinatenga miyezi itatu, tikupita kuchipatala kawirikawiri. Anawayambitsanso metifomini wa shuga ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Choncho ngati muli ndi m'bale amene wakhala akumwa mankhwala otere kwa milungu yambiri ndipo nkhope yayamba kuzungulira, musamulande botolo n'kumusiya. Pitani naye kuchipatala sabata yomweyo, botolo lili m'manja, ndipo mukanene zoona.

Titabwerera kunyumba ndinasonkhanitsa mabotolo onse asanu amene amayi anasunga kuti aziikamo mchere ndi mbewu za mpiru. Ndinawandandalika patebulo n'kuchita chimene ndinayenera kuchita mu Epulo, kuwerenga.

Choyamba chimene chinayenera kundidzutsa ndi mndandanda wa matenda uja. Nyamakazi ya amayi ndi kuperepeseka kwa m'bondo. Shuga ndi vuto la thupi kulephera kupanga kapena kugwiritsa bwino ntchito insulini. Ng'ala ndi kuchita mtambo kwa kagalasi ka m'diso, ndipo imachotsedwa ndi opaleshoni. Khansa ndi kuchulukana kosalamulirika kwa tizigawo ta thupi, pomwe HIV ndi kachilombo. Matenda amenewa magwero ake ndi osiyana kotheratu. Makaniko atakuuzani kuti ali ndi botolo limodzi lokonza tayala lophulika, batire yakufa ndi galasi losweka, mungamuseke. Ine ndinawerenga zofanana ndi zimenezo n'kutumiza ndalama. Ndipo pamndandandawo panali matenda amene mankhwala ake amangowagwira osawachotsa. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi munthu amakhala nazo akumwa mankhwala, ndipo kachilombo ka HIV kamagonetsedwa ndi mankhwala otalikitsa moyo koma sikatha m'thupi. Akuluakulu akukumbukira chaka cha 1995, pamene chinamtindi cha anthu chinakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe, amene ankati umachiza Edzi. Maliro sanaleke. Anayamba kuchepa pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004. Aliyense wokuuzani kuti botolo lake likulolani kusiya ma ARV kapena mankhwala a shuga, mwadziwa kale kuti ndi wabodza, simufunikanso umboni wina.

Chachiwiri ndi liwiro lake. Bondo limene laperepeseka kwa zaka khumi silingakonzeke m'masiku atatu ndi ufa wa masamba. Ululu ukazimiririka msanga chotero, ndiye kuti china chake champhamvu chautsekereza, ndipo funso likhale lakuti chinthucho n'chiyani. Kale ndinkaganiza kuti mankhwala achinyengo ndi aja osagwira ntchito, ufa wa chinangwa m'kapisozi. Amenewo alipo, ndipo amapha pochedwetsa munthu kupeza thandizo lenileni. Koma amene anatipweteka ife ndi ogwira ntchito. Mayi wolira ndi chimwemwe uja mwina sankanama. Amayi anganso akanajambulidwa mawu mu Epulo akanalira chimodzimodzi. Umboni wa munthu wa sabata yoyamba sukuuzani za mwezi wachisanu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chachitatu ndi chipepala chomata pabotolo. Mankhwala opangidwa mwadongosolo amakhala ndi dzina la kampani yopanga ndi keyala yake yonse, dzina la chilichonse chimene chili mkati pamodzi ndi mlingo wake, tsiku lopangira, tsiku lothera mphamvu, ndi nambala ya bachi, imene imasonyeza gulu la mankhwala opangidwa nthawi imodzi. Nambala ya bachi ndi masiku zimadindidwa pambuyo, popakira, ndipo zimasintha gulu likasintha. Pa mabotolo athu dzina la kampani linalipo koma keyala panalibe, panangolembedwa dzina la dziko ndi nambala ya foni ya konkuno. Zamkati zinalembedwa kuti zitsamba 21 zosankhidwa, osatchula ngakhale chimodzi. Mabotolo onse asanu, ogulidwa miyezi yosiyana, anali ndi bachi imodzi ndi tsiku limodzi, zosindikizidwa pamodzi ndi chithunzi cha masamba. Chonsecho mlongo wanga anakumbukira kuti makapisozi a botolo lachiwiri anali obiriwira mbali zonse, pomwe a botolo lachinayi anali obiriwira ndi oyera. Gulu limodzi silingatuluke mitundu iwiri. Pakamwa pa botolo panalibe chomata chotsekera, panali thonje basi.

Panalinso chidindo chachikulu chonena kuti mankhwalawa ndi ovomerezedwa ndi FDA, bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala. Chidindo chimenechi n'chimene chinandikhazika mtima pansi pogula. Ndinadzamva pambuyo pake kuti bungwe limeneli silivomereza zinthu za mtundu wa mavitamini ndi zitsamba zowonjezera thanzi zisanayambe kugulitsidwa, monga limachitira ndi mankhwala a kuchipatala. Ndiye chidindo chotere pabotolo la zitsamba ndi chizindikiro cha bodza. Kuno kwathu amene ali ndi udindo wolembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa ndi bungwe la PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Famase yovomerezeka imakhala ndi chiphaso chake, ili ndi malo odziwika, ndipo chikalakwika muli ndi pobwerera. Ine ndinali ndi nambala ya foni yokha. Nditamulembera wogulitsa uja kumufunsa zimene amathira m'makapisozi, anandiyankha kuti madokotala amachita nsanje chifukwa amadyera pa matenda athu. Nditafunsanso, ananditsekera.

Mawu akuti zachilengedwe zilibe vuto nawonso anandipusitsa. Sindikunyoza zitsamba. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo, ndipo LA amene timamwa tikadwala malungo mbali yake imodzi inachokera ku chitsamba cha ku China. Kusiyana kwake n'kwakuti pa mankhwala amenewa anthu anapeza chimene chimagwira ntchito, anayeza mlingo wake, ndipo analemba poyera mavuto amene angabwere. Chilichonse chokhala ndi mphamvu yosintha thupi chili ndi mphamvu yolivulaza mlingo ukalakwika. Fodya ndi wachilengedwe, bowa wakupha nayenso ndi wachilengedwe. Kapepala ka m'bokosi la mankhwala enieni kamene kamatchula zovuta zake kamatiopsa, koma ndiko chizindikiro chakuti wopangayo akunena zoona. Wonena kuti ake alibe vuto lililonse, mwina mulibe kanthu m'botolomo, apo ayi akubisa chimene chilimo.

Sindikunena kuti botolo lokhala ndi keyala ndi bachi yooneka bwino ndiye lotetezeka. Akuba ena amasindikiza mwaluso, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena m'chaka cha 2017 kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi mankhwala amodzi mwa khumi aliwonse ndi achinyengo kapena osafika pamlingo. Maso okha sangagwire zonse. Koma mabotolo ngati athu aja sanafune ukatswiri. Anafuna mphindi zisanu zowerenga, ndi kulimba mtima kolionetsa botolo kwa wazaumoyo munthu asanameze kapisozi woyamba. Ine sindinatero chifukwa pansi pa mtima ndinkadziwa kuti andiletsa, ndipo ndinkafuna kukhala mwana amene wachiza amayi ake.

Ntchito yovuta kuposa zonse inali yopita kwa amayi awiri a kutchalitchi aja. Mmodzi anali atasiya pa botolo loyamba chifukwa cha ndalama, ndipo umphawi unamupulumutsa. Winayo anali pa botolo lachitatu, nkhope itayamba kale kudzaza. Ndinakhala pakhonde pawo n'kunena kuti, "Mayi, nambala ija ndinakupatsani ndine, ndipo ndinalakwa. Musasiye kumwa lero, koma mawa tipitire limodzi kuchipatala." Poyamba anakana, amvekere mankhwalawa ndi okhawo amene anawagonetsa tulo. Anavomera amayi anga atawaonetsa chala chawo ndi mapiritsi a shuga.

Lero nkhope ya amayi inabwerera mwakale. Shuga anatsika koma sanathe, akumwabe metifomini, ndipo mwezi uliwonse amakayezetsa. Mawondo akuwawa monga ankawawira poyamba. Amapaka mankhwala, amamwa panado ululu ukakula, amakhala pampando n'kumawongola mwendo kakhumi mbali iliyonse m'mawa ndi madzulo monga anawaphunzitsira kuchipatala kuti ntchafu zilimbe, ndipo ndinawasemera ndodo yabwino. Kudimba amapita, koma amapumira kawiri panjira.

Mwezi watha ndili m'basi yopita kumudzi, pa Dedza panakwera bambo wina wovala jekete, atanyamula chikwama. Anayamba ndi pemphero, kenako anatulutsa botolo n'kuyamba kutchula matenda, kuyambira msana mpaka khansa. Mayi amene ndinakhala naye pampando anayamba kumasula mfundo ya chitenje. Ndinapempha botololo kuti ndilione, ndinalitembenuza, n'kumufunsa bamboyo kuti keyala ya opanga ili pati ndipo zamkatimu mayina ake ndi ati. Anandilanda botolo n'kunena kuti ophunzira ndife ovuta. Mayi uja anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti ndikudziwapo chiyani. Kuchokera pa Dedza mpaka pamene ndinatsikira, ndinamufotokozera za amayi anga, monga ndafotokozera inu pano.